Kuchepetsa thupi: kudya kamodzi patsiku si njira yake

Uthengawu ukupita kwa amayi ndi abambo amene achipatala anawauza kuti achepetse thupi chifukwa cha kuthamanga kwa magazi, matenda a shuga kapena kupweteka kwa mawondo. Tawulemba chifukwa cha mphekesera imene yafala m'misika, m'maofesi ndi pa mafoni, yoti munthu akafuna kuwonda msanga azidya kamodzi kokha patsiku, kenaka azimwa tiyi wotsuka m'mimba. Chonde musatsatire malangizo amenewa. Ena amene amawatsatira sawonda n'komwe, ndipo kwa odwala shuga akhoza kuika moyo wawo pachiswe.

Zoyambitsa kunenepa kwambiri n'zodziwika ndipo sitichedwapo. Chakudya chimapatsa thupi mphamvu imene timaiyeza m'makalori. Munthu akamadya makalori ochuluka kuposa amene thupi likugwiritsa ntchito, otsalawo amasungidwa ngati mafuta. Kukhala pansi tsiku lonse, zokazinga, zakumwa za shuga ndi mowa zimawonjezera vutoli, ndipo chibadwa ndi mankhwala ena zimathandizirako. Kuti mafuta osungidwawo ayambe kutha, thupi liyenera kumalandira makalori operewera pang'ono tsiku lililonse. Tikuti pang'ono, osati njala.

Pang'ono pake ndi pati

Mayi wamkulu amagwiritsa ntchito makalori pafupifupi 2,000 patsiku, ndipo bambo pafupifupi 2,500. Wolima kapena wonyamula katundu amagwiritsa ntchito ochulukirapo, wokhala pa desiki ocheperapo. Pa chiwerengero chanucho muchotsepo makalori 500 okha. Kilogalamu imodzi ya mafuta a m'thupi imasunga makalori pafupifupi 7,700, choncho kuperewera kwa 500 tsiku lililonse kumatsitsa thupi ndi theka la kilogalamu pa mlungu, kapena makilogalamu awiri pa mwezi. Ambiri akamva zimenezi amagwa ulesi, amati n'zochedwa. Koma munthu wa makilogalamu 85 akatsika ndi makilogalamu 5 mpaka 8 okha, kuthamanga kwa magazi ndi shuga zimayamba kale kusintha, ndipo pamenepa angafikepo m'miyezi itatu kapena inayi akudya katatu patsiku.

Pali malire osayenera kudutsa panokha. Mayi asatsike pansi pa makalori 1,200 patsiku, bambo pansi pa 1,500, pokhapokha dokotala akumuyang'anira. Munthu akatsika kwambiri, thupi silitha mafuta okha, limadyanso minofu. Amafooka, amachita chizungulire, tsitsi limathothoka, ndipo kuwonda kothamanga kumayambitsa timiyala m'ndulu.

Mbale imodzi imatenga zingati

Apa ndi pamene timafuna muwerenge modekha, chifukwa bodza la kudya kamodzi limaonekera pa masamu. Tiyerekeze mayi wa zaka 40, wolemera makilogalamu 85, wotalika masentimita 160, wogulitsa m'golosale atakhala pampando. Thupi lake limagwiritsa ntchito makalori pafupifupi 2,100 patsiku. Akachotsapo 500, gawo lake la tsiku lonse ndi 1,600.

Mayiyu wamva mphekesera ija, ndiye wasiya kudya m'mawa ndi masana. Madzulo akufika kunyumba njala itamupweteka, manja akunjenjemera, ndipo akukhala pansi ndi mitanda itatu ya nsima. Magalamu 100 a ufa wa chimanga ali ndi makalori pafupifupi 360, ndipo mtanda wapakatikati umatenga ufa wokwana magalamu 70, ndiye kuti mtanda umodzi ndi makalori ngati 250. Itatu ndi 750. Ntchafu ya nkhuku yokazinga ndi khungu lake ndi ngati 250. Masamba paokha ali ndi makalori ochepa kwambiri, ngati 30, koma supuni yaikulu imodzi ya mafuta ophikira imene yagwera mu gawo lake ndi 120. Botolo laling'ono la chakumwa cha shuga, la mamililita 300, ndi ngati 125. Zonse pamodzi ndi 1,275. Mbale imodzi yokhayo yatenga pafupifupi magawo anayi mwa asanu a chakudya cha tsiku lonse, ndipo kwatsala 325 basi.

Mwina mukuti, ndiye zili bwinotu, popeza sanadye china. Funsitsani. Amene amati amadya kamodzi amatanthauza kuti amadya nsima kamodzi. M'mawa mayiyu anamwa tiyi wa masupuni atatu a shuga, masana anamwanso wina, ndipo masupuni asanu ndi imodziwo ndi makalori ngati 120. Njala itavuta cha m'ma 10 koloko anagula mandasi awiri, ngati 400. Masana anatafuna mtedza wokazinga wodzaza m'manja kawiri, magalamu 50, umene ndi 285. Kuphatikiza ndi mbale ya madzulo ija, tsikuli wadya 2,080. Thupi lake linafuna 2,100. Wavutika ndi njala tsiku lonse, wakwiyira makasitomala, koma palibe chimene waperewetsa, ndipo sikelo sisuntha.

Ziwerengerozi ndi zoyerekeza, chifukwa mitanda imasiyana nyumba ndi nyumba. Pali zipande zina zimene mtanda wake umodzi ndi iwiri ya kwa anzanu. Kuti mudziwe za kwanu, yezani ufa kamodzi kokha musanaphike, pa sikelo ya kumsika kapena ya m'golosale, kenaka muwerenge mitanda imene yatuluka mumphika. Ufa wolemera kilogalamu imodzi uli ndi makalori 3,600. Ngati watulutsa mitanda 14, uliwonse ndi ngati 250. Ngati watulutsa 10, uliwonse ndi 360. Mgaiwa ndi ufa woyera sizisiyana kwenikweni pa makalori, kungoti mgaiwa uli ndi gaga amene amakhalitsa m'mimba, ndiye njala imachedwa kubwera. Musaganize kuti poti ndi mgaiwa mungawonjezere mtanda.

Mafuta ophikira ndiwo amabisala kwambiri. Lita imodzi ili ndi makalori opitirira 8,000. Onani masiku amene botolo limatha ndi anthu amene amadya pakhomopo, mudzadabwa. Siyani kuthira mafuta kuchokera m'botolo, muziyeza ndi supuni.

Tsopano taonani mbale yomweyo ikakonzedwa. Mtanda umodzi ndi theka ndi 375. Nkhuku yomweyo yophika ndi tomato ndi anyezi, khungu litachotsedwa, ndi ngati 170. Mpiru, chisoso, bonongwe kapena nkhwani wodzaza theka la mbale, wothira kasupuni kakang'ono ka mafuta, ndi ngati 70. Chakumwa ndi madzi. Yonse ndi 615, theka la mbale yoyamba ija, ndipo m'mimba mwadzaza chifukwa masamba achuluka. Mayiyu watsala ndi makalori pafupifupi 1,000 oti adye m'mawa ndi masana. M'mawa phala la mgaiwa lothira supuni ya nsinjiro, dzira lowiritsa ndi tiyi wa supuni imodzi ya shuga ndi ngati 350. Masana mtanda umodzi, nyemba kapena usipa ndi masamba ndi ngati 500. Nthochi kapena bango limodzi likukwanabe. Wadya katatu, sanagone ndi njala, magulu asanu ndi limodzi a zakudya onse alowa, ndipo 500 uja waperewera ndithu. Palibe chakudya chachilendo kapena chodula chimene wagula.

Tikubwerezanso, kudya kamodzi sikukupatsani zimenezi. Munthu wanjala yoopsa sayeza mtanda.

Kuyenda kumathandiza, ndipo tikulimbikitsa kuyenda mwandawala mphindi 30 masiku ambiri a mlungu, makamaka chifukwa cha mtima ndi shuga. Koma dziwani kuti mphindi 30 zimenezo zimatha makalori ngati 130 mpaka 150 kwa munthu wa thupi ngati la mayi uja. Ndi botolo limodzi lija la chakumwa. Mowa nawo umawerengedwa, abambo, ngakhale sutafunidwa.

Za tiyi wotsuka m'mimba

Ambiri mwa matiyi amenewa amagwira ntchito potsegula m'mimba kapena kukodzetsa. Sikelo imatsikadi masiku oyamba, koma chimene chatuluka ndi madzi ndi chimbudzi, mafuta ali pomwepo. Mukamwa madzi thupi limabwerera. Chimene mwataya ndi mchere wofunika m'magazi, ndipo kuchepa kwake kumafooketsa thupi ndi kusokoneza kagundidwe ka mtima. Kwa amene akumwa kale mapiritsi okodzetsa a kuthamanga kwa magazi, kapena amene impso zawo zili ndi vuto, ngoziyi ndi yaikulu. Musamwe, ngakhale wogulitsayo akhale mnzanu wa kutchalitchi.

Amene asayambe okha

Ngati mumabaya insulini kapena kumwa mapiritsi otsitsa shuga, musadumphe chakudya ngakhale tsiku limodzi. Mankhwala amapitiriza kutsitsa shuga ngakhale simunadye. Zizindikiro zake ndi thukuta lozizira, kunjenjemera, mtima kugunda kwambiri, kusokonezeka mutu, kenaka kukomoka. Zikayamba, imwani msanga madzi osungunulira masupuni atatu a shuga, kenaka mudye chakudya. Munthu akakomoka musamuthire kanthu m'kamwa, thamangirani naye kuchipatala. Musanachepetse chakudya, kaonaneni ndi achipatala kuti aone ngati mlingo wa mankhwala ufunika kusintha.

Amayi oyembekezera, oyamwitsa mwana wakhanda, ana ndi achinyamata amene akukulabe, odwala chifuwa chachikulu ndi okalamba ofooka asachepetse chakudya popanda uphungu wa achipatala. Ndipo si aliyense wofunika kuwonda. Dulani chingwe chotalika ngati msinkhu wanu, muchipinde pakati, muchizungulize pamimba cha pamchombo. Ngati nsonga zake zikukumana, mafuta a pamimba panu sanapitirire muyeso.

Kudziwa ngati zikuyenda

Dziyezeni kamodzi pa mlungu, m'mawa musanadye, pa sikelo imodzimodzi. Kuyeza tsiku lililonse kumangosokoneza, chifukwa madzi a m'thupi amasinthasintha ndi kilogalamu imodzi kapena iwiri, makamaka mukadya zamchere kapena mayi akayandikira kusamba. Mlungu woyamba mukhoza kutsika kwambiri, koma zambiri mwa zotsikazo ndi madzi. Pakapita miyezi kutsikako kumachedwa, chifukwa thupi locheperapo limagwiritsa ntchito makalori ocheperapo. Apa ndi pamene ambiri amabwerera ku njala ya tsiku lonse. Musatero. Sikelo ikaima milungu itatu kapena inayi, lembani chilichonse cholowa m'kamwa kwa masiku atatu, tiyi, zolawa pophika ndi zotsala za ana zomwe, ndipo yezaninso mafuta ndi mitanda. Ngati mukutsika kuposa kilogalamu imodzi mlungu uliwonse, mukuchita chizungulire kapena msambo wasiya, mwachepetsa mopitirira, onjezerani chakudya ndipo mukaonane ndi achipatala.

Komanso ngati thupi likutsika inu musanasinthe kadyedwe, musasangalale ndipo musadikire. Kuwonda kosadziwika chifukwa chake, makamaka pamodzi ndi chifuwa chosatha, thukuta la usiku, ludzu ndi kukodza pafupipafupi, kapena kutsegula m'mimba kwa nthawi yaitali, kungakhale chifuwa chachikulu, shuga, kachilombo koyambitsa edzi kapena khansa. Pitani kuchipatala chapafupi mlungu womwewo mukayezetse, ndipo ngati mwakhala mukumwa tiyi wochepetsa thupi, mutenge paketi yake mukawaonetse achipatala.