Mafilimu a magawo ambiri: muyambire pati?

Manambala a mafilimu a Star Wars amasokoneza. Imene inayamba kutuluka mu 1977 lero imawerengedwa ngati gawo 4. Gawo 5 linabwera mu 1980, gawo 6 mu 1983, kenako George Lucas, amene anayambitsa mafilimuwa, anabwerera m'mbuyo n'kutulutsa gawo 1 mu 1999, gawo 2 mu 2002 ndi gawo 3 mu 2005. Amene sanaonerepo amaganiza kuti chanzeru n'kuyambira gawo 1. Ine ndimawaletsa.

Wolemba filimu amalemba akudziwa zimene woonera akudziwa kale, ndiponso zimene sakudziwa. Mufilimu ya 1980, Darth Vader atamudula Luke dzanja, amamuuza kuti iyeyo ndiye bambo ake. Mphamvu yonse ya filimuyi yagona pamenepo, chifukwa mu ya 1977 Luke anauzidwa kuti Vader ndi amene anapha bambo akewo. Tsono mukayambira magawo atatu a m'mbuyo aja, mumaona ndi maso anu Anakin, bambo ake a Luke, akusanduka Vader, n'kuonanso Luke ndi Leia akubadwa mapasa. Pofika pa chinsinsi chija, mumangokhala ngati munthu womvera nthabwala imene anaimva dzulo.

Palinso china chimene mumataya. Ya 1999 inapangidwira anthu odziwa mathero. Anakin, kamnyamata kosalakwa ka m'chipululu, kamamvetsa chisoni chifukwa mukudziwa chimene kadzakhale. Kwa wosadziwa, ndi mwana chabe wokonda mpikisano.

Koma kutsatira nkhani m'mene inachitikira, osati zaka zimene mafilimu anatulukira, kuli ndi pake. Taonani mafilimu a Fast & Furious. Tokyo Drift inatuluka mu 2006 ngati yachitatu, ndipo Han amachita ngozi mu mzinda wa Tokyo, galimoto n'kuphulika. Mu za 2009, 2011 ndi 2013, Han yemweyo ali bwinobwino, chifukwa zonsezi zimachitika ngoziyo isanachitike. Kumapeto kwa ya 2013 amaonetsanso ngozi ija, n'kuulula kuti anamugunda dala. Apa ndi bwino kuisuntha Tokyo Drift: muionere mukamaliza yachisanu ndi chimodzi, ya 2013 ija, musanayambe Furious 7 ya 2015. Mukatero ngoziyo imakupwetekani kwenikweni, poti Han mwayenda naye mafilimu atatu. Chimene mungapirire n'chochepa: mafoni akale opinda a 2006 akuoneka pambuyo pa filimu ya 2013.

Musanasunthe filimu, fufuzani ngati yofotokoza zakaleyo ikuulula chinthu chimene yoyamba kutuluka inabisa dala. Ngati ikuulula, tsatirani zaka zimene zinatulukira, makamaka ulendo woyamba. Kutsatira nkhani kusungireni ulendo wachiwiri, ndipo pamenepo Rogue One, filimu ya Star Wars ya 2016, muiike pafupi penipeni ndi ya 1977, chifukwa imathera pomwe inzakeyo imayambira.