Khutu la mwana likupweteka koma mulibe matenda: yang'anani m'kamwa

Mwana akagwira khutu n'kumalira, ambiri timathamangira mankhwala odontheza m'khutu. Koma nthawi zina dokotala amaunika m'khutumo n'kupeza kuti muli bwinobwino. Mwanayo sakunama ayi, ululu akuumvadi, kungoti gwero lake lili kwina. Mtsempha umene umanyamula ululu wa mano ndi nsagwada uli ndi nthambi yofika kukhutu, chimodzimodzinso mtsempha wa kukhosi. Choncho ubongo umatha kusokoneza, n'kumva ngati likupweteka ndi khutu pamene vuto lili pa dzino.

Tiyerekeze mwana wa zaka 6 amene wakhala masiku awiri akudandaula khutu la kumanzere. Thupi silikutentha, m'khutu simukutuluka mafinya, ndipo mukamunong'oneza akumva bwino. Mukakoka khutulo pang'ono sakukuwa. Koma pa chakudya akutafunira kumanja kokha, ndipo akamwa madzi ozizira akutsinzina n'kugwira tsaya. Muuzeni ayasamule, muunike ndi tochi. Pa msinkhu umenewu mano oyamba otafunira a munthu wamkulu amakhala akumera kumapeto kwenikweni, ndipo mungaone nkhama yotupa, yofiira, kansonga koyera ka dzino kakusuzumira. Mwinanso mupeza kabowo kakuda pa dzino la pafupi, chakudya chitatsakamiramo. Dzino lobooka lisanyozedwe poti "ligweluka lokha", chifukwa limatha kuchita mafinya. Mwanayo akaonedwe ndi dokotala wa mano.

Ululu ukamakula pomeza, ngakhale pomeza malovu, ganizirani za kukhosi. Mkati mumakhala mofiira, nthawi zina muli timadontho toyera, ndipo pansi pa nsagwada pamatupa timwanabele topweteka mukatikhudza.

Kunyumba simungaone mkatikati mwa khutu, ndiye zizindikirozi zingokutsogolerani. Wotsimikiza kuti khutu lilibe matenda ndi wachipatala amene waliunika, makamaka mwana akakhala wosatha kuyankhula. Khanda lokoka khutu musangoti ndi mano akumera pamene thupi latentha kwambiri.

Poyembekeza, panado amathandiza: mamiligalamu 15 pa kilogalamu iliyonse ya thupi la mwana, pakapita maola 6 aliwonse, osapitirira kanayi pa tsiku. Mwana wa makilogalamu 20 amwe mamiligalamu 300. Asipulini musam'patse mwana. Musathire mafuta kapena madzi a zitsamba m'khutu, ndipo musatokosemo ndi kamtengo, chifukwa mungalivulaze khutu limene linali labwinobwino. Maantibayotiki otsala a matenda ena sangatseke bowo la dzino.

Pitani kuchipatala tsiku lomwelo ngati kuseri kwa khutu kwatupa, tsaya latupa, khosi lauma, m'khutu mukutuluka mafinya kapena magazi, kapena mwana akulephera kuyasamula, akuchucha dovu poti sakumeza, kapena akupuma movutikira. Ululu ukapitirira masiku awiri popanda zimenezi, mupitebe, ndipo mukapemphe kuti akaunike khutu, mano ndi kukhosi komwe.