Kamba ndi dzina kapena mneni?

Pali pepala la mwana wina limene mpaka lero limandiwawa mtima. Anapatsidwa mawu osakaniza oti awagawe m'magulu atatu, mayina, aneni ndi afotokozi: mpando, kamba, lemba, wamkulu, kudya. Iye anaika kamba pa aneni, wochonga n'kumuthetha, chifukwa papepala lake la mayankho kamba anali nyama ya chigoba ija basi. Mwanayo sanalakwe. "Kamba wabisala m'udzu," apo ndi dzina. "Kamba nkhani yako timve," apo ndi mneni. Ndipo tisaiwale kamba wa paulendo.

Ndatopa kubwereza m'kalasi kuti liwu loima lokha pamndandanda silinaulule mtundu wake. Liikeni m'chiganizo, muone zimene likulola. Dzina limachulukitsidwa, limalozedwa, ndipo mawu ena amalitsatira: lemba ili, malemba awa. Mneni amalandira nthawi ndi kukana: ndinalemba, ndidzalemba, sindilemba. Lemba wakhoza mayeso onse awiri, choncho alembedwe m'magulu awiri, chiganizo chilichonse pambali pake. Mpando sungatero, palibe amati "ndinampando". Mfotokozi alibe mutu wakewake, amabwereka kwa dzina: mwana wamkulu, dengu lalikulu, chitseko chachikulu.

Pamene ambiri amagwa ndi pa kudya. Analoweza kuti mneni ndi mawu oonetsa ntchito, ndiye akangoona kudya, kuthamanga, kuimba, onse amawakankhira kwa aneni osaganiza kawiri. Tamvani izi: "Kudya kwake n'kothamanga." Kodi kwake akutsatira chiyani? Akutsatira kudya, monga momwe lake amatsatirira dengu. Liwu limene likulamula anzake chonchi likugwira ntchito ya dzina, ngakhale tanthauzo lake likhale la ntchito. Koma mu "Ana akudya," muli ochita ndi nthawi, ndiye ndi mneni. Odwala nawonso ali chimodzimodzi: mu "anthu odwala" akufotokoza anthu, pomwe mu "Odwala achuluka" aima okha pamalo a dzina.

Tsono makolo, chenjerani ndi aphunzitsi apadera amene amapatsa ana mindandanda yoti aloweze, mayina mbali iyi, aneni mbali iyo. Wina ndinamumva akuphunzitsa kuti liwu lothera ndi a ndi mneni. Nanga nyumba, mvula, nyama? Mwana woloweza chonchi amaoneka wanzeru mpaka atakumana ndi liwu limene silinali pamndandanda. Mukadikira kuti mayeso ayandikire ndiye muyambe kukonza, mupeza chizolowezicho chitazika mizu, ndipo kuchizula kumatenga nthawi yoposa imene akanaphunzira bwino poyamba. Muyeseni lero lomwe: mupatseni liwu loti bala, apange ziganizo ziwiri zosiyana. Akangotchula bala la pamwendo, osafika pa mbuzi yobala ana, mudziwe kuti akuloweza.