Sitetimenti yofunsira malo a zamalamulo: lekani kudzikweza, onetsani mmene mumaganizira

Achinyamata amene mukufunsira malo a zamalamulo ku mayunivesite a ku Britain kudzera ku UCAS, bungwe lomwe limalandira mafomu ofunsira malowa, ine ndatopa nako kuwerenga m'masitetimenti anu odzifotokoza chiganizo choti "ndimakonda kutsutsana kuyambira ndili mwana ndipo sindigonja". Aliyense akulemba chomwechi, ndipo chikukupwetekani. Wowerenga uja sakufuna munthu wamakani, makani ali pa depoti paliponse. Akufuna aone ngati mungathe kutenga mfundo, kuiyesa ndi umboni, kumva mbali inayo, ndiye nkusintha maganizo pamene mbali inayo yanena zoona. Malo alipo ochepa, zilembo 4,000 basi kuwerengera ndi mipata yomwe, ndiye mzere uliwonse wodzitama wadya malo a chinthu chomwe chikanakuthandizani.

Pali mtsikana wina amene nkhani yake imandiwawabe. Anandibweretsera sitetimenti yomwe analemba kuti anatsogolera sukulu yake kupambana dibeti ndipo anatsimikizira anthu kuti chilango cha imfa nchosemphana ndi malamulo oyendetsera dziko la Malawi. Nditamufunsa bwinobwino, zinapezeka kuti anali wolankhula wachiwiri pa timu ya anthu atatu, anawina mipikisano iwiri nkugwa pa wachitatu. Ndinamufunsa kuti munagwa bwanji, mayankho ake ndi amene anali chuma chenicheni. Iye pa dibetipo anatchula mlandu wa Kafantayeni wa mu 2007 nkunena kuti khoti linathetsa chilango cha imfa, mnyamata wa timu inayo anaimirira nkuti ayi, silinathetse. Mtsikanayu zinamupweteka, anakasaka chigamulocho nkuchiwerenga yekha, anapeza kuti mnyamata uja amanena zoona. Chomwe Khoti Lalikulu linakana ndi lamulo lokakamiza jaji kupereka chilango cha imfa kwa aliyense wopezeka wolakwa pa mlandu wakupha popanda kumva zifukwa zochepetsera chilango. Chilangocho pachokha chinatsalabe, koma jaji anapatsidwa mpata woyeza mlandu uliwonse paokha. Kenako anayamba kudzifunsa, ngati vuto linali kusamva munthu asanalangidwe, ndiye mfundo yanga yoti chilangocho chichokeretu ndiimanga pa chiyani, poti chigamulochi sichikundithandiza mmene ndimaganizira?

Zimenezo ndiye zofunika kulemba. Ndinamuuza kuti mwana wanga, nena udindo wako weniweni, wolankhula wachiwiri, nena mfundo yomwe unapereka, nena pomwe inathyokera, nena chomwe unawerenga ndi kusiyana komwe unapeza pakati pa chilango chokakamiza ndi chilango chomwe jaji angasankhe, umalize ndi funso lomwe ukulimbana nalobe. Ndime imodzi imeneyo ikuonetsa kuwerenga mosamala, kusiyanitsa zinthu zooneka zofanana, ndi kuvomera umboni, osafunikanso kulemba kuti "ndili ndi luso loganiza mozama". Wowerenga aziona yekha.

Koma anazengereza, amaona ngati kulemba za kugonja nkudzichotsa ulemu, anatumiza yoyamba ija. Ndipo taganizani, amene akuwerenga kawirikawiri amadziwa malamulo, ena ndi aphunzitsi a zamalamulo enieni, ndiye chiganizo choti iwe wa sekondale "unatsimikizira" nkhani yomwe makhoti akulimbana nayo chimamuuza kuti sudziwa malire a zomwe ukudziwa. Pa loya limenelo ndi vuto loopsa.

Njira yodziyesera ndi yapafupi, yang'anani mawu onena zomwe munachita. Mwalemba "ndinatsogolera", kodi panalibe wina pamwamba panu? Mwalemba "ndinathandiza mayi wamasiye kuwina mlandu wolandidwa katundu" pomwe munangokhala pambali pa loya nkumalemba manotsi? Lembani kuti munalemba manotsi, ndiye mufotokoze chomwe munaona, mwina mmene loyayo anasiyanitsira zomwe mayiwo anaona ndi maso ndi zomwe anangomva kwa achibale. Kumbukiraninso kuti pamakhala kalata ya aphunzitsi anu yokuchitirani umboni, ikanena kuti munali membala wa timu inu mukuti kaputeni, zonse zomwe mwalemba zayamba kukayikitsa. Ku Oxford ndi Cambridge kulinso intaviyu, akhoza kutenga chiganizo chanu chomwecho nkukufunsani kuti tafotokozani.

Ndiye chonde musapereke ndalama kwa maejenti olembera anthu masitetimenti aja. Munthu ameneyo sanakhalepo pa dibeti yanu, sadziwa pomwe mfundo yanu inathyokera, chomwe angachite nkukuunjikirani mawu akuluakulu omwe wagulitsa kale kwa ena. UCAS imayerekeza sitetimenti iliyonse ndi zina zomwe inalandira, ikapeza kufanana kwambiri imadziwitsa mayunivesite omwe mwasankha, ndipo sitetimenti ndi imodzi yomweyo yopita kwa onse mpaka asanu, ndiye mwaononga malo onse nthawi imodzi. Anthu amathamangira kwa maejentiwa chifukwa chochedwa. Oxford ndi Cambridge amatseka pakati pa Okotobala, ena ambiri mu Januwale, ndipo ena amafunanso mayeso a LNAT omwe muyenera kulembetsa padera. Yambani miyezi iwiri isanakwane nthawi, chifukwa kuti mupeze chigamulo, muchiwerenge, muchimvetse nkulemba ndime yoona, sizitheka usiku womaliza.