Wodwala Akamapuma Mozama Ndiponso Mofulumira: Kuwerenga Asidi wa M'magazi

Uthengawu ndi wa ogwira ntchito zachipatala, ophunzira unamwino ndi osamalira odwala. Wodwala amene watsegula m'mimba kwambiri, kapena wa shuga yemwe matenda amukulira, nthawi zina amapuma mozama ndiponso mofulumira ngakhale mapapo ake ali bwinobwino. Kapumidwe kotere si chibayo ayi. Ndi thupi limene likuyesetsa kuchepetsa asidi amene wachuluka m'magazi.

Magazi a munthu wathanzi amakhala ndi pH ya pakati pa 7.35 ndi 7.45. Ikatsika kupitirira apa ndiye kuti asidi wachuluka, ikakwera ndiye kuti wachepa. Chimene chimaigwira kuti isasunthe kwambiri ndi ichi:

```
CO2 + H2O ⇌ H2CO3 ⇌ H+ + HCO3-
```

Kumanzereku kuli CO2, mpweya umene timatulutsa popuma, ndipo amauyang'anira ndi mapapo. Kumanja kuli asidi, H+, ndi bayikaboneti, HCO3-, amene amagwira asidiyo, ndipo zomuyang'anira ndi impso. CO2 akachuluka, zinthu zimakankhikira kumanja ndipo asidi amawonjezeka. Asidi akachuluka kuchokera kwina, bayikaboneti amamugwira, zinthu zimabwerera kumanzere, CO2 wopangidwayo n'kutuluka ndi mpweya. Mapapo amayankha m'mphindi zochepa chabe, koma impso zimafuna masiku 3 mpaka 5 kuti zimalize mbali yawo.

Pa zotsatira za magazi a mumtsempha wochokera kumtima, PaCO2, muyeso wa CO2 m'magazi, yabwino ndi 35 mpaka 45 mmHg, ndipo HCO3- ndi 22 mpaka 26 mmol/L. Ziwirizi zimalumikizana ndi pH motere:

```
pH = 6.1 + log( HCO3- / (0.03 × PaCO2) )
```

Ikani HCO3- ya 24 ndi PaCO2 ya 40. Pansipo pamatuluka 1.2, ndipo 24 kugawa ndi 1.2 ndi 20. Log ya 20 ndi 1.3, choncho pH ndi 7.4. Thupi limasamala za kufanana kumeneku kwa 20 pa 1, osati nambala iliyonse payokha. N'chifukwa chake china chikatsika, chinzake chimatsikanso kuti chichitsatire.

Powerenga, yambani ndi pH, kenako funsani kuti ndi nambala iti imene ikufotokoza pH imeneyo. pH ikatsika PaCO2 ili yokwera, vuto lili pa kapumidwe, monga pa mphumu yoopsa kapena mankhwala opha ululu amene afooketsa kupuma. pH ikatsika HCO3- ili yotsika, vuto lachokera m'thupi: kutsegula m'mimba, shuga, impso zolephera, kapena magazi osafika mokwanira m'ziwalo. pH yokwera imabwera ndi kupuma mopitirira muyezo, kumene kumatsitsa PaCO2, kapena kusanza kwambiri, kumene kumakweza HCO3-.

Tiyerekeze mayi amene watsegula m'mimba kwambiri, maso alowa, ndipo akupuma mozama. Zotsatira zake ndi pH 7.26, HCO3- 10, PaCO2 23. Asidi wachuluka. Kodi ndi CO2? Ayi, chifukwa PaCO2 yotsika ikanakweza pH. Choncho gwero ndi bayikaboneti, amene watayika ndi chimbudzi chamadzicho. Chatsala ndi kuona ngati mapapo akuthandiza mokwanira, ndipo pali njira yowerengera PaCO2 yoyembekezeka:

```
PaCO2 = (1.5 × HCO3-) + 8 ± 2
```

Kwa mayiyu ndi 15 kuphatikiza 8, kutuluka 23. Zikugwirizana ndi zimene zayezedwa, ndiye mapapo ake akuthandiza mokwanira monga zikuyembekezeka.

Apa ndi pamene pamafunika maso. Tinene kuti papita maola angapo, mayi uja watopa, kupuma kwachepa, ndipo PaCO2 yafika 40 pomwe HCO3- ikadali 10. Wongoyang'ana papepala aona 40 ili m'malire abwino n'kuganiza kuti zinthu zayamba kuyenda. Koma werengani: 10 kugawa ndi 1.2 ndi 8.3, log yake ndi 0.92, pH yagwera pa 7.02. Tsopano mavuto ndi awiri, la m'thupi ndi la kapumidwe, ndipo moyo wake uli pachiswe. Wodwala wotere akayamba kupuma pang'onopang'ono uku akuodzera kapena kusokonezeka mutu, musati wapeza mpumulo. Itanani dokotala nthawi yomweyo, chifukwa angafunike kuthandizidwa kupuma.

Musamupatse mankhwala ogonetsa pofuna kuchepetsa kupuma kwakeko, popeza ndi kumene kukumusunga. Chithandizo chimalunjika pa gwero: kubwezera madzi ndi mchere, pakamwa ngati angathe kumwa kapena kudzera mu diripi ngati watha madzi kwambiri, ndipo kwa wa shuga, madzi ndi insulini. Potaziyamu ayezedwe kawirikawiri, chifukwa amatha kutsika mwadzidzidzi asidi akayamba kuchepa. Magazi akabwerera kuyenda bwino, impso zimayamba kubwezeretsa bayikaboneti zokha.

Osamalira odwala kunyumba, mukaona kupuma kozama ndi kofulumira mwa munthu wotsegula m'mimba kapena wa shuga, thamangirani naye kuchipatala, ndipo ngati wotsegula m'mimbayo akutha kumwa, pitirizani kumumwetsa ORS m'njira monse.