Simbi Yotentha Kwambiri Siyo Imene Imasita Bwino

"Kodi si zoona kuti simbi ikatentha kwambiri, chovala chilichonse chimawongoka msanga?"

Si zoona. Makwinya amachoka chifukwa cha chinyezi ndi kutentha koyenera nsaluyo. Thonje limapirira madigiri pafupifupi 200, ubweya 150, pamene nayiloni imafuna 110 basi. Madontho a pa chizindikiro cha simbi pa kansalu ka m'khosi mwa chovala amanena zimenezi: atatu, awiri kapena limodzi.

Vuto lalikulu lili pa nsalu zosakaniza, monga thalauza la sukulu la poliyesitala ndi thonje. Mukatenthetsa simbi ngati mukusita thonje lokha, ulusi wa poliyesitala umafewa n'kuphwatalala, ndipo pa msoko ndi m'mbali mwa matumba pamatsala mizere yonyezimira. Kunyezimira kumeneku sikuchoka, ngakhale muchape kangati, chifukwa ulusiwo wasungunuka. Chikasu chimene chimabwera pa thonje ndiye kupsa kwenikweni.

Tsatirani ulusi wosapirira kutentha. Tembenuzani thalauzalo, yalani kansalu koyera konyowa pang'ono pamwamba, ndipo muzitsindika n'kunyamula simbi, osaikwekwesa. Ngati ndi ya makala, yambani mwaiyesa mkati mwa mpendero. Ikamakakamira kapena kununkha ngati pulasitiki, iziziritseni kaye.