Pasiwedi yokha siteteza makina a m'shopu

"Wayifayi yanga ili ndi pasiwedi, ndiye cholakwika n'chiyani makasitomala akalumikizapo?"

Eni mashopu ambiri ku Limbe kuno amaganiza choncho, koma pasiwedi imatsekereza okhawo amene sakuidziwa. Mukangompatsa kasitomala, foni yake imalowa pa netiweki imodzi ndi makina olipirira komanso pulinta. Akhoza kusindikiza zake, ngakhalenso kutsegula tsamba la rauta, kachipangizo kogawa wayifayi, ngati simunasinthe pasiwedi yomwe rautayo inabwera nayo, ndipo ichi ndiye chimandidetsa nkhawa kwambiri.

Kuti mulekanitse makasitomala ndi makina anu, sipakufunika intaneti yachiwiri ayi. Pa rauta yomweyo yatsani Guest Network, yomwe ndi wayifayi yapadera ya makasitomala, muipatse dzina ndi pasiwedi yakeyake, kenako muzimitse Allow guests to access my local network. Mawuwa amasiyanako malinga ndi rauta. Makina olipirira ndi pulinta alumikizeni ndi waya ngati n'kotheka. Pulintayo muisungire adiresi yosasintha, monga 192.168.1.50, chifukwa kupanda kutero magetsi akathima n'kuyakanso imatha kupatsidwa ina, malisiti osatuluka.

Mukatero yesani. Lumikizani foni yanu ku wayifayi ya makasitomala, mulembe adiresi ija pa msakatuli, pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti. Tsamba la pulinta likatseguka, ndiye kuti simunalekanitse, bwererani pa rauta.